Chitenje cha nkhanga ndi mwana wa ku Mulunguzi

Ine sinditaya pepala. Ana anga amandiseka kuti tsiku lina nyumba idzapsa ndi malisiti a madzi, koma ine ndinakalambira mu ofesi yosunga mafailo kuno ku Zomba, ndipo kumeneko ndinaphunzira kuti pepala lopanda tsiku, lopanda mwini wake, losadziwika kumene lachokera, ntchito yake ndi kukulungira mandasi basi. Mwa mafailo onse amene ali m'kabati mwanga, ilipo imodzi imene ndikaitsegula mtima umatentha ngati zachitika dzulo. Muli mauthenga a pa foni amene ndinakasindikiza ndekha m'tauni, motsatana monga mmene anabwerera. Ndimawasunga chifukwa eni ake onse lero akuti sanalembe kanthu.

Kuseri kwa nyumba yanga ku Mtiya kuli kanyumba ka lendi. Munkakhala banja laling'ono: mwamuna kalipentala, mkazi wosamalira ana pa sukulu ina ya mkombaphala ku Matawale. Mkaziyo ntchito yake ankaikonda kuposa mmene ine ndinakondera yanga. Pobwerera madzulo malaya ake ankakhala ndi madontho a phala ndi zizindikiro za timanja ta fumbi, iye akuseka, akundifotokozera amene waluma mnzake lero. Ndizimutchula kuti mlendi wanga, chifukwa dzina lake lavutika kokwanira.

Anali woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo dera lonse linkaona. Nthawi itayandikira anapita kuchipatala, mwana anabadwa wakufa kale. Kwathu kuno mwana wotere, mtayo, sachitiridwa maliro. Palibe kulira mokweza, palibe masamba pa msewu, palibe uthenga kwa anthu. Timanyamula amayi okhaokha, ochepa, kukaika mwakachetechete ndi kubwerako osayang'ana m'mbuyo. Ndinalipo ine, amayi ake amene anabwera kuchokera kumudzi, ndi amayi ena awiri achikulire a kumpingo. Pambuyo pake nkhaniyo sitiikamba. Mlendi wanga anakhala m'nyumba masabata angapo, wofooka, osafuna kuona munthu. Kusukulu anamupatsa tchuthi.

Ali m'nyumba chomwecho, amayi otola nkhuni m'phiri anapeza khanda lamoyo m'mbali mwa njira yotsikira ku mtsinje wa Mulunguzi. Linali lokulungidwa m'chitenje chachikasu chokhala ndi zithunzi za nkhanga. Anachita bwino amayiwo: analinyamula n'kupita nalo kupolisi. Koma wina mwa anthu amene anakumana nawo pa njira anajambula ndi foni, ndipo dzuwa lisanafike pamutu chithunzicho chinali m'gulu la pa foni la dera lathu.

Gulu limenelo tinalikhazikitsa kuti tizidziwitsana madzi akasiya ndi maliro akagwa. Tsiku limenelo linasanduka khoti. Pepala loyamba m'failo yanga ndi chithunzi cha khanda, ndipo pansi pake pali mitima yosweka ndi mawu a chisoni. Pamenepo sindikudandaula. Munthu ukaona khanda pa udzu umafuna kuchitapo kanthu, ndipo m'manja muli foni yokha. Apolisi anali chete, monga ayenera kukhalira anthu amene akufufuza. Koma gulu silidziwa kudikira. Funso likakhala lopanda yankho, yankho loyamba kubwera ndilo limakhala pa mpando, kaya ndi loona kaya ndi lonama.

Pepala lachitatu ndi la mayi wina wogulitsa kaunjika, amene nyumba yake ili kumunsi kwa yanga. Analemba kuti: "Koma abale, kodi uja wa mkombaphala mimba ija inathera kuti? Ine sindinamve maliro, sindinaone mwana. Ndangofunsa."

Ndangofunsa. Mawu amenewa ndinawalemba mzere wofiira. Pepala lotsatira, munthu wina wayankha kuti, "Akuti uja wa mkombaphala mimba palibe." Lotsatiranso, "akuti" uja wagwa m'njira, patsala kuti, "Ndi uja wa mkombaphala." Palibe amene anawonjezera umboni pakati pa mapepala atatuwa. Chimene chinasintha ndi chakuti aliyense anachotsako kachikaiko kamodzi, monga mmene munthu amasendera chinangwa.

Kenako wina anakafukula pa tsamba la mchezo la mlendi wanga chithunzi chakale cha pa chinkhoswe. Anali atavala chitenje chachikasu cha nkhanga. Anaika zithunzi ziwirizo pamodzi, najambula mivi yofiira. Apa ndi pamene ndinaimirira pakhonde foni ili m'manja. Chitenje chimenecho chinali yunifomu ya chinkhoswe! Amayi onse a mbali ya mkazi tinagula. Ine ndili nacho, ndimayala pa tebulo la wailesi. Mayi wa kaunjika yemweyo ali nacho, ndinamuona akuvina nacho. Ndipo nsaluyo sinalukidwire ife tokha. Inadzadza m'mashopu a m'tauni chaka chonsecho. M'chithunzi chenicheni cha pa chinkhoswe munali amayi ambiri ovala mofanana, koma woika mivi uja anadula onsewo n'kusiya nkhope imodzi.

Umu ndi mmene zimayendera. Munthu akayamba ndi dzina, amapita kukasaka zogwirizana ndi dzinalo, ndipo amazipeza. Zosagwirizana saziona n'komwe. Khandalo linali la masiku ochepa. Mlendi wanga anabereka kale masabata angapo m'mbuyo. Munthu wofooka chotero akanakwera bwanji phiri? Palibe anafunsa. M'malo mwake chilichonse chinasanduka umboni. Sakutuluka m'nyumba: akubisala. Sakuyankha foni: akudziwa chimene wachita. Mwamuna wake wayenda nkhope ili pansi: manyazi.

Ndinalemba m'gulumo kuti ine ndikudziwa kuti si iyeyo, ndipo kuti chitenjecho tili nacho ambiri. Zambiri sindikanatha kunena, chifukwa za mtayo si zanga kuulula. Mayankho ndinawasunganso.

"Alandilodi akuteteza lendi yawo."

"Amayi, ngati mukudziwa tiuzeni mwana ali kuti. Tisamabisirane."

"Anganga apume, izi ndi za ife a mafoni."

Masana omwewo ndinatsikira kwa mayi wa kaunjika. Ndinamupeza akusita malaya pakhonde.

"Mwaswera bwanji, amayi? Koma nkhope imeneyo, kwagwanji?"

"Kwagwa inu, achemwali. Munaona ndani akutaya mwana?"

"Iii, ine? Ine sindinatchule munthu. Ndangofunsa funso."

"Funso lofunsa anthu mazana? Nyumba yake mukuidziwa. Mukadafuna yankho mukadabwera kudzagogoda."

"Nanga ngati ndi iyeyo? Tizingokhala chete ana akutayidwa m'tchire?"

"Ngati muli ndi chimene mukudziwa, polisi si patali. Kwerani kabaza mukanene kumeneko, alembe dzina lanu pansi pa mawu anuwo."

"Aaa, zopita kupolisi ine ayi. Za umboni zimavuta."

"Ndiye kupolisi mukuopa kusaina, koma pagulu ayi?"

Anaika simbi pansi. "Amayi, inu mwakula, musandiyambe. Anthu onsewa akunena, si ine ndekha. Ngakhale pa tsamba lija alemba."

Tsamba limene ankanenalo ndi limodzi mwa masamba a mchezo amene amadzitcha a nkhani za m'tauni, osadziwika mwini wake. Nditabwerera kunyumba ndinalipeza. Anali atatenga mauthenga a gulu lathu lomwelo, atajambula, n'kulemba pamwamba kuti "anthu okhala m'deralo atsimikiza". Ndiyeno wina wa m'gulu lathu anajambula tsambalo n'kulibweretsa kwa ife: "Onani, zatuluka pa nkhani, ndi zoona." Tsamba likutsamira gulu, gulu likutsamira tsamba. Ndikaika mapepala awiriwo pa tebulo, aliyense wodziwa kuwerenga akhoza kuona kuti gwero ndi limodzi, funso lija la mayi wa kaunjika. Koma munthu amene walandira uthenga womwewo kuchokera kwa mlamu wake, kwa mnzake wa kwaya ndi kwa tsamba, amaganiza kuti mboni zakwana zitatu. Sadziwa kuti ndi mawu amodzi amene azungulira phiri n'kubwerera.

Eni masamba otere sataya kanthu akanama. Chimene amafuna ndi anthu ochuluka owatsatira, ndipo nkhani ya nkhope ndi dzina imakoka anthu kuposa nkhani yakuti apolisi akufufuza. Makina a masambawa nawonso sasiyanitsa wotukwana ndi woteteza. Amangowerenga kuti pano anthu akulankhulapo kwambiri, n'kuikweza nkhaniyo kuti ena ambiri aione. Mlongo wa kalipentala uja anakalimbana nawo kumeneko, akuyankha wina aliyense, akutchula dzina la mlamu wake mobwerezabwereza kuti ndi wosalakwa. Cholinga chinali chabwino, koma ankathira mafuta. Ndinamuimbira kuti asiye, adine pamene amadandaulira kwa eni makinawo kuti nkhaniyi ikuzunza munthu, ndipo auze abale achite chimodzimodzi mwakachetechete.

Tsiku lotsatira kunabwera uthenga wa mawu. Mwamuna wosadziwika, wolankhula modekha ngati wa pa wailesi, akuti mkazi wake amagwira ntchito kuchipatala ndipo "zonse zadziwika". Sanatchule dzina lake, kapena la mkazi wakeyo, kapena chipatala chake. Pamwamba pa uthengawo panali kachizindikiro kosonyeza kuti watumizidwa kambirimbiri. Kwa ine kachizindikiro kameneko kamatanthauza kuti amene wakutumizira sakumudziwa wolankhulayo. Kwa anzanga a m'gulu kanatanthauza kuti nkhaniyo ndi yaikulu.

Apolisi anabwera, chifukwa dzina likamveka chotero ayenera kufunsa. Anabwera mwaulemu, wapolisi wamkazi wosavala yunifomu ndi mnzake. Anamutenga mlendi wanga, anaona za kuchipatala, ndipo asanaweruke anthu ku ntchito anali atamubweza kunyumba, atamupepesa pa zimene zinamugwera. Kufufuza koona kumatero: kumafunsa munthu pambali, kukapeza kuti si iye kumamusiya, dziko osadziwa. Koma wina anaima kuseri kwa mpanda wanga wa maluwa n'kumujambula akukwera galimoto. Chithunzicho ndi pepala lonenepa kwambiri m'failo yanga, chifukwa pansi pake pali mayankho osatha. "Wagwidwa!" Za kubwerera kwake palibe anajambula.

M'mawa mwake amayi ena anaima pa msewu moyang'ana geti langa. Sanaponye mwala. Ankangolankhula mokweza kuti timve.

"Atuluke akayamwitse mwana wake!"

"Ndiye ameneyu azitisamalira ana athu? Atitayira m'ngalande!"

Munthu amene mwana wake tinamuika m'manda masabata apitawo ankamva zimenezi ali pa mphasa m'chipinda. Ndinatuluka ndi tsache m'manja, ndinawatchula mmodzi mmodzi ndi maina a amuna awo, ndipo anabalalika akung'ung'udza kuti nkhalambayi ndi yolusa. Inde ndine wolusa.

Nditalowa kwa mlendi wanga ndinali ndi nzeru yanga ya mu ofesi. Ndinati, "Mwanangu, ndipatse buku lako la kuchipatala. Ndijambula tsamba limodzi lokha, ndiike pagulu, atseke pakamwa."

Iye anati, "Amayi, ndiye ndivule pamaso pa Zomba yense kuti andikhulupirire? Mwana wanga munamuika mwakachetechete. Mukufuna akamufukule pa foni?"

Mwamuna wake, amene anakhala pa mpando wosamaliza kupala, anati, "Ngakhale muike, anena kuti tagula kwa adokotala."

Ankanena zoona onse awiri, ndipo bukulo sindinalikhudze. Wonenezedwa sayenera kugula mtendere ndi chinsinsi cha thupi lake. Amene anatchula dzina ndiye anayenera kubweretsa umboni, ndipo analibe.

Chimene ndinachita ndi kupita kwa woyang'anira gulu lathu, mphunzitsi wopuma ntchito amene amakonda kutchedwa adimini kuposa dzina lake. Ndinamuyalira mapepala anga pa tebulo.

"Achimwene, tsekani gululi kuti muzilemba inu nokha mpaka apolisi alankhule. Chotsani zithunzi za mwana wa eni."

"Mayi, anthu ali ndi ufulu wolankhula. Ndikatseka anena kuti ndadya za wina."

"Mmene munthu anaika malonda a nkhuku muno munamuchotsa tsiku lomwelo. Nkhuku zinakupwetekani kuposa izi?"

Anatseka, koma mochedwa, ndipo monyinyirika. Zithunzi zinali zitafika kale m'magulu a mipingo, a makolo a pa sukulu, a anthu a ku Zomba okhala kunja. Kuchotsa uthenga m'gulu limodzi kuli ngati kutseka mpopi wa m'nyumba pamene paipi yaphulika kumtunda.

Patapita masabata, apolisi analengeza kuti apeza mayi wa khandalo, munthu wa dera lina kutali ndi ife, ndipo kuti nkhaniyo ili m'manja mwa oyenera. Chilengezocho chinali chachifupi, chopanda chithunzi, chopanda mivi yofiira. M'gulu lathu chinalandira zala ziwiri kapena zitatu zovomereza, kenako wina anafunsa ngati madzi abwera kumtunda. Tsamba lija linachotsa nkhani yake osapepesa. Mayi wa kaunjika anafufuta funso lake. Nditakumana naye pa msika anati, "Mwaona amayi, Mulungu ndi wabwino, choonadi chaoneka. Ine ndinkadziwa kuti mtsikana uja sangatero." Ndinamuuza kuti pepala lake lili kwanga, ndi tsiku lake, ndi nambala yake pamwamba. Kuyambira pamenepo sandipatsa moni, ndipo sindinaonde nazo.

Tsiku lomwelo la chilengezo, mlongo wa kalipentala ananditumizira chithunzi cha mtsikana wina, ndi dzina, ndi mudzi. "Amayi, uyu ndiye mwini mwana! Tumizani paliponse kuti mlamu wanga ayere!" Ndinamufunsa kuti chithunzicho wachitenga kuti. Anati pagulu lina. Ndinamufunsa ngati apolisi anatchula dzina. Anati ayi, koma aliyense akunena. Ndinamuuza kuti aliyense yemweyo ndi amene ananena za mlamu wake. Anakwiya, anati ndilibe chisoni ndi banja lawo. Chithunzi chimenecho sindinatumize, sindinasindikize, ndinachifufuta. Ndi pepala lokhalo limene ndinakana kusunga m'moyo wanga. Kaya mtsikanayo anali mwini khanda kaya ayi, ine sindinamuone m'phiri, ndipo ngati anali iyeyo, anali kale m'manja mwa amene ntchito yawo ndi imeneyo.

Anthu amandifunsa kuti nanga munthu atani uthenga wotere ukafika. Ine ndimachita zimene ndinkachita ndi pepala lililonse lofika pa desiki yanga. Ndani waona ndi maso ake? Wanena ndi dzina lake? Amene wanditumizira akumudziwa? Ngati mayankho palibe, uthengawo umafera m'foni mwanga. Sinditumiza ngakhale ndi mawu akuti "kodi ndi zoona?", chifukwa funso langalo limatsala m'njira, nkhope ya munthu n'kupitirira. Sinditumiza pofuna kuchenjeza, sinditumiza pofuna kutsutsa. Ngati ndikudziwa kanthu, miyendo ndili nayo, ndikanena kupolisi. Ndipo mtima ukatentha kwambiri, chala chikuyabwa, pamenepo ndiye ndimaika foni m'kabati n'kukathirira masamba, chifukwa uthenga umene ukukukakamiza kutumiza msanga ndi umene sunafufuzidwe. Kudikira sikunapweteke khanda lija. Linali kale m'manja abwino. Kufulumira ndiko kunapweteka munthu.

Tchuthi chitatha, ndinamuperekeza mlendi wanga ku Matawale, nditanyamula chilengezo cha apolisi chosindikiza bwino m'envelopu. Mwini sukuluyo anatilandira mu kaofesi kake, ana akuimba panja. Anawerenga pepalalo mpaka pansi.

"Amayi, ine ndikudziwa kuti anti ndi wosalakwa. Sindinakaikepo."

"Ndiye ayambe liti?"

Anapinda pepalalo. "Makolo anaona chithunzi chija cha galimoto. Ichi sanachione. Ena anandiuza kuti akangomuona pano achotsa ana. Mwina tidikire ziiwalike."

"Itanani makolowo, ndiwawerengere ndekha."

"Mukawaitana mukuwakumbutsa, amayi."

Tikutuluka, kamtsikana kena kanathawa pa mzere n'kudzamukumbatira miyendo, kakukuwa kuti anti abwera. Mlendi wanga anakasisita kumutu, anakamasula timanja pang'onopang'ono, n'kukabweza pa mzere. Kenako tinabwerera ku Mtiya.

Sanadikire kuti ziiwalike. Mwezi usanathe anamanga katundu, iye ndi mwamuna wake, kupita kwawo kwa mkaziyo. Foni anasintha nambala, tsamba lake anatseka. Posesa m'kanyumba kaja ndinapeza chitenje chachikasu cha nkhanga chili pa msomali kuseri kwa chitseko, chochapa, chopinda bwino. Ndinachiika m'kabati, pansi pa failo.

M'gulu lija ndidakalimo, chifukwa ndiyenera kudziwa za madzi. Sabata yatha wina waikamo chithunzi cha mwamuna wovala chipewa, chosaoneka bwino, akuti ndi amene akuba mabatire a galimoto. Pansi pake mayi wa kaunjika walemba kuti akufanana ndi winawake wa kumsika, koma wangofunsa. Ndalemba kale tsiku pa failo yatsopano.